Kalata ya Timayeso ta M'kati mwa Teremu: Zimene Kholo Liyenera Kumvetsa

Mwana akabwera ndi kalata kuchokera kusukulu, makolo ambiri mtima umayamba wagunda kaye asanaitambasule, chifukwa tinazolowera kuti kalata ya ahedi imanena zinthu ziwiri: mwina pakufunika ndalama, mwina mwana wapalamula. Koma pali mtundu wina wa kalata umene sukulu zina zimatumiza teremu ikangoyamba, wonena kuti ana azilemba timayeso tating'onoting'ono sabata ndi sabata, ndipo malikisi ake aziphatikizidwa ndi a mayeso otsekera. Kalata yotere siitanitsa ndalama ndipo siimba munthu mlandu, n'chifukwa chake pamakomo ambiri imangothera kukulungira mchere kapena kuyatsira mbaula. Chonsecho ndi imene ili ndi mphamvu yosintha zimene zidzalembedwe pa lipoti la mwana tsiku lotsekera.

Kuyesa ana pang'onopang'ono m'kati mwa teremu si nzeru yobwera dzulo. Silabasi ya pulayimale imene inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007, yokonzedwa kubungwe la MIE ku Domasi, inatsindika kuti mphunzitsi asamadikire mapeto a teremu kuti adziwe ngati ana amva. Koma kulemba m'buku n'kwina, kuchita n'kwina. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ambiri ndi odzaza, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana 90 kapena kuposa pamenepo sangathe kuyesa aliyense nthawi imene wafuna. Ndondomeko ya masiku a timayeso ndi njira imodzi imene sukulu imayesera kuti ntchitoyi itheke, ndipo kalata ndiyo imafikitsa ndondomekoyo kunyumba.

Kalata ili m'munsiyi ndi chitsanzo chimene ndakonza kuti tikhale ndi pogwira. Si ya sukulu ina yake yeniyeni. Masiku ndi kagawidwe ka malikisi zimasiyana, choncho kholo lililonse liyang'ane manambala a m'kalata ya kusukulu kwa mwana wake. Tiyerekeze kuti ndi Sitandade 6, teremu yachiwiri, imene imayamba mu Januwale mvula ili pakati, ndipo teremuyo ili ndi masabata 13.

"Okondedwa makolo ndi nonse olera ana a Sitandade 6,

"Landirani moni. Tikukudziwitsani kuti teremu ino ana anu azilemba timayeso tatifupi m'maphunziro asanu ndi limodzi. Kamayeso kalikonse kazikhala ndi mafunso 10, malikisi 10, ndipo kazilembedwa kwa mphindi 15 pa nthawi ya phunziro lomwelo. Mafunso 8 azichokera pa zimene ana aphunzira m'masabata awiri apitawo, ndipo mafunso awiri azichokera pa zimene anaphunzira m'mbuyomo.

"Sabata ya 2, 4, 6, 8 ndi 10 ana azilemba Masamu Lachiwiri, Chichewa Lachitatu, Sayansi Lachinayi. Sabata ya 3, 5, 7, 9 ndi 11 azilemba Chingerezi Lachiwiri, Ulimi Lachitatu, Sosho Lachinayi. Sabata ya 12 ndi yobwereza zonse, ndipo ya 13 ndi ya mayeso otsekera. Tsiku la kamayeso likagwera pa holide, ana adzalemba Lachisanu la sabata yomweyo.

"Pa phunziro lililonse mwana adzalemba timayeso tisanu. Tidzasiya kamodzi kamene walephera kwambiri, n'kuphatikiza tinayi totsalato kuti tipeze malikisi a pa 40. Mayeso otsekera adzapereka malikisi a pa 60. Zonse pamodzi ndi 100.

"Mwana akajomba chifukwa cha matenda kapena maliro, mutidziwitse ndipo adzalemba Lachisanu lotsatira. Akajomba popanda chifukwa, adzapeza ziro. Makope ochongedwa azibwerera kwa ana pasanathe masiku atatu a sukulu, ndipo tikupempha kuti muzisaina kapena kudinda chala pansi pa malikisi. Timayesoti n'taulere, mafunso azilembedwa pabolodi. Mwana akhale ndi kope limodzi la timayeso tokha. Lachisanu la sabata ya 7 masana tidzakumana nanu pasukulu pano kuti tione mmene ana akuchitira.

"Ine wanu, Mphunzitsi Wamkulu."

Kalatayo ndi imeneyo, tsamba limodzi. Tsopano tiione bwinobwino, chifukwa chiganizo chilichonse mmenemo chili ndi chifukwa chake.

Chifukwa chiyani masiku amwazika chonchi?

Kholo lina likhoza kufunsa kuti, bwanji osangolemba maphunziro onse tsiku limodzi n'kuthana nazo? Yankho lili pa tebulo la mphunzitsi. Kalasi ya ana 90 ikalemba kamayeso ka mafunso 10, mphunzitsi ali ndi mayankho 900 oti awaone. Ngakhale atakhala wachangu, n'kumatha mphindi imodzi yokha pa kope lililonse, ndiye kuti ola limodzi ndi theka lapita, asanayambe n'kulowetsa komwe malikisi m'buku lake. Maphunziro asanu ndi limodzi, lililonse kasanu, ndi timayeso 30 pa teremu, kutanthauza kuti Sitandade 6 yokhayo itulutsa ntchito yochonga ka 2,700. Kuunjika zimenezi tsiku limodzi ndiye kuti makope adzagona muofesi mpaka ana ataiwala zimene analemba. Pozigawa kuti zikhale zitatu pa sabata, tsiku lililonse kamodzi, kope la Masamu lolembedwa Lachiwiri lingathe kubwerera Lachisanu lisanadutse.

Kwa mwananso ndi mpumulo. Madzulo a Lolemba akudziwa kuti mawa ndi Masamu basi, ndipo zofunika kuwerenga ndi masamba ochepa a m'kope, osati buku lonse. Pakhomo pamene palibe magetsi, pamene kuwerenga kumadalira katochi kapena kuwala kwa dzuwa lisanalowe, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Onaninso kuti sukulu ya m'chitsanzo chathu yapewa Lolemba ndi Lachisanu. Aphunzitsi amadziwa bwino masiku amene ana amajomba kwambiri m'dera lawo, ndipo Lachisanu alisiya dala kuti likhale la ojomba ndi lokonzera zolakwika. Kudera kumene tsiku la msika ndi Lachitatu, ndondomeko yabwino iyenera kupewa Lachitatulo, ndipo ngati kalata ya kwanu yaika kamayeso pa tsiku la msika, ndi chinthu choyenera kuchitchula kukomiti ya makolo ndi aphunzitsi teremu isanapite patali. Mawu onena za holide nawonso sanalembedwe mwangozi. Teremu yachiwiri imakumana ndi tsiku la John Chilembwe pa 15 Januwale ndi tsiku lokumbukira amene anafera ufulu wa dziko pa 3 Malichi. Kalata ikapanda kunena chimene chidzachitike masiku otere, ana amabwera kunyumba aliyense ndi nkhani yake.

Chovuta chimodzi cha kalata yotere n'chakuti makolo sitiwerenga nthawi ndi manambala a masabata a teremu. Sabata ya 6 ndi liti? Tengani kalendala ya pakhoma, pezani Lolemba limene sukulu inatsegulira, lembani 1 pa mzere umenewo, 2 pa mzere wotsatira, mpaka 13. Kenaka mwana yemweyo azungulize masiku a Masamu ndi cholembera. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma ikachitika, kholo lingathe kuona kuti kubandira chimanga kapena ulendo wa kuchigayo usagwere pa Lachiwiri m'mawa.

Masamu a 40 ndi 60

Apa ndi pamene kalata zambiri zimasokoneza anthu, ndipo apa ndi pamene mikangano ya tsiku lotsekera imabadwira. Tiyeni tiwerengere limodzi, titenge ana atatu ongoyerekeza a m'kalasi imeneyi, pa phunziro la Masamu.

Woyamba ndi mtsikana amene wapeza 6 pa kamayeso koyamba, 4 pa kachiwiri, 7 pa kachitatu, ndipo sabata ya 8 anadwala malungo osalemba, kenaka pa kachisanu wapeza 8. Ngati kunyumba sanakanene kusukulu, pa sabata ya 8 palembedwa ziro. Ziroyo ndiye malikisi otsikitsitsa, ndiye asiyidwa, n'kuphatikiza 6, 4, 7 ndi 8, zimene zikupereka 25 pa 40. Koma tiyerekeze kuti mayi ake anapita ndi buku la kuchipatala, mwanayo n'kulemba Lachisanu lotsatira n'kupeza 7. Pamenepo otsikitsitsa ndi 4 uja, ndipo otsala ndi 6, 7, 7 ndi 8, pamodzi 28. Kuyenda kwa mayi kwa m'mawa umodzi kwabweretsa malikisi atatu.

Pa mayeso otsekera mtsikanayu wapeza 45 pa 100. Popeza mayesowa akupereka 60 yokha, malikisi ake achepetsedwa mofanana: pa malikisi 10 alionse amene wapeza, atengapo 6. Ndiye 45 isanduka 27. Tikaphatikiza 28 ndi 27, pa lipoti padzalembedwa 55. Akanakhala kuti akuweruzidwa ndi mayeso otsekera okha, akanapita kunyumba ndi 45. Khama lake la sabata ndi sabata lamukweza.

Wachiwiri ndi mnyamata wa mutu wakuthwa amene amatumidwa kukagulitsa mandasi, nthawi zina n'kukagwira ganyu yopalira. Walemba timayeso tiwiri tokha, n'kupeza 8 ndi 7, tinato ndi maziro atatu. Ziro mmodzi asiyidwa, awiri atsala, ndipo malikisi ake ndi 15 pa 40. Pa mayeso otsekera wapeza 70 pa 100, imene isanduka 42. Pamodzi 57. Bambo ake, amene anazolowera kumva mwana wawo akutchulidwa m'gulu la okhoza bwino, adzadabwa kuona 57, ndipo mwina adzaganiza kuti aphunzitsi amudyera masuku pamutu. Palibe wamubera. Masiku atatu ojomba aja ndi amene adya malikisiwo.

Ndikuona kuti apa sukulu iyenera kulankhula mosabisa, chifukwa ndondomeko yotereyi imalemera kwambiri pa mwana wa pakhomo losauka. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, mitsinje imadzaza ana n'kulephera kuwoloka, ndipo malungo amachuluka. Mwana amene wajomba chifukwa cha mtsinje sanachite ulesi. Lamulo losiya kamayeso kamodzi ndi la Lachisanu la ojomba zinaikidwa kuti ziteteze ana oterewa, ndipo kalata imene ilibe malamulo awiriwa ili ndi mpata woipa umene makolo ayenera kupempha kuti utsekedwe. Funsani ahedi kuti "chifukwa chomveka" ndi chiti kwenikweni, ndipo kodi uthenga wapakamwa wochokera kwa kholo ndi wokwanira, popeza si matenda onse amene amafika kuchipatala.

Wachitatu ndi amene ayenera kudetsa nkhawa aphunzitsi. Pa timayeso wapeza 9, 9, 8, 9 ndi 10, ndiye tikasiya 8 ali ndi 37 pa 40. Koma pa mayeso otsekera wapeza 35 pa 100, imene isanduka 21. Pamodzi 58, ndipo pa lipoti zioneka ngati zili bwinoko. Koma kusiyana kwa 37 pa 40 ndi 35 pa 100 n'kwakukulu moti sikungakhale kwangozi. Mwina mwanayu amaonera kwa mnzake, chinthu chosavuta pamene ana anayi apanikizana pa desiki limodzi kapena akhala pansi mapewa atagundana. Mwina amaloweza za masabata awiri n'kuziiwala kamayeso kakangotha. Mwinanso mafunso a timayeso anali ofewa kwambiri, ongobwereza zitsanzo zomwezo za pabolodi. Njira yosiyanitsira ilipo. Ngati kalasi yonse yakwera pa timayeso n'kugwa pa mayeso otsekera, vuto ndi mafunso. Ngati mwanayu amakhoza mafunso 8 atsopano koma n'kumalakwa awiri akale aja, vuto ndi kuiwala, ndipo n'chifukwa chake mafunso awiriwo anaikidwamo. Ngati zolakwa zake zikufanana ndendende ndi za wokhala naye pafupi, mpaka pamene mnzake anafufuta, ndiye kuti amaonera. Aphunzitsi ena amagawa bolodi pawiri, n'kulemba mafunso ofanana koma a manambala osiyana, kuti ana oyandikana asalembe zofanana.

Masiku atatu amene ali mtima wa kalata

Chiganizo chofunika kuposa zonse m'kalata ija ndi chija chonena kuti makope azibwerera pasanathe masiku atatu. Amayi amadziwa za kusikelo ya ana. Mwana amakwezedwa pa sikelo mwezi ndi mwezi, ndipo azaumoyo amadontheza kadontho m'buku. Kukweza pa sikelo pakokha sikunenepetsa mwana. Phindu lake n'lakuti mzere ukayamba kutsika, mayi amauzidwa msanga n'kusintha kadyetsedwe matenda asanakule. Timayeso nato n'chimodzimodzi. Kulemba kokhako sikuphunzitsa mwana mafulakishoni. Chimene chimamuphunzitsa ndi zimene zichitike kope likabwerera.

Tibwerere kwa mtsikana uja, pa kamayeso kachiwiri kamene anapeza 4. Titsegule kope lake. Funso lachitatu likuti 1/2 + 1/3, ndipo iye walemba 2/5. Funso lachinayi likuti 1/4 + 2/3, iye walemba 3/7. Pa mafunso asanu ndi limodzi amene walakwa, asanu ndi a mtundu womwewu. Munthu wongoyang'ana 4 wofiira pamwamba pa tsamba anganene kuti mwanayu Masamu sakuwadziwa. Koma woyang'anitsitsa aona kuti kuphatikiza akukutha bwinobwino, ndipo sanalembe mwachisawawa. Akutsata lamulo limodzi lolakwika: akuphatikiza manambala a pamwamba paokha, a pansi paokha. Walakwa chinthu chimodzi kasanu, osati zinthu zisanu.

Cholakwa chotere chimakonzeka. Mphunzitsi angamufunse kuti, theka la mkate ukaliwonjezera kachidutswa kena, ungakhale ndi mkate wochepa kuposa theka? Mwana aliyense akana. Komatu 2/5 ndi yochepa kuposa theka, ndiye yankholo silingakhale loona. Kenaka ajambula mzere pabolodi, augawa zigawo zisanu ndi chimodzi zofanana, n'kuonetsa kuti theka ndi zigawo zitatu, 1/3 ndi zigawo ziwiri, pamodzi zigawo zisanu, ndiye 5/6. Zimenezi zikachitika Lachisanu la sabata ya 4, mwanayo afika pa kuchotsera mafulakishoni ali ndi maziko abwino. Zikachitika mu Epulo, kapena zikapanda kuchitika n'komwe, ndiye kuti phunziro lililonse lotsatira lamangidwa pa cholakwa chija.

Mphunzitsi wa ana 90 sangakhale ndi aliyense payekha, koma ali ndi njira yake. Pochonga, amalemba pa kapepala manambala 1 mpaka 10, ndipo kope lililonse likalakwa funso, amaika kamzere pa nambala ya funsolo. Akamaliza, kapepalako kamuuza zoona. Ngati funso lachitatu lalakwidwa ndi ana 60 mwa 90, vuto si la anawo. Phunzirolo silinamveke ndipo ayenera kuliphunzitsanso kalasi yonse, mwa njira ina. Ngati alakwa ndi ana 12 okha, awatengera pambali Lachisanu, kapena awakhazika ndi anzawo amene akhoza. Ndondomeko imene ilibe nthawi yobwerezera zimene zalakwika imangotopetsa ana ndi aphunzitsi, ndipo imadya mphindi 45 za kuphunzira sabata iliyonse popanda chobweza.

Kholo lingadziwe bwanji kuti mbali imeneyi ikuchitika? Yang'anani m'kope pansi pa kamayeso kalikonse. Payenera kukhala mafunso olakwika aja atalembedwanso molondola, mphunzitsi atachonganso. Ngati mukuona malikisi okha, tsamba ndi tsamba, popanda zokonza, kapena ngati sabata ya 6 yafika kope la sabata ya 4 lisanabwerere, ndondomeko yayamba kufa ngakhale ana akulembabe. Muli ndi ufulu wofunsa, mwaulemu, chifukwa lonjezo la masiku atatu analemba ndi asukulu eni ake. Ndipo pofunsapo tikumbukire kuti nthawi zambiri mphunzitsiyo sanachite ulesi, koma ntchito yamukulira. Sukulu yanzeru ikaona choncho imachepetsa timayeso, mwina n'kutsala ndi Masamu, Chingerezi ndi Chichewa, kusiyana n'kupitiriza zonse pamene makope sakubwerera.

Kusaina si kuweruza

Pali ngozi imodzi imene ndimaiopa pa kalata zoterezi, ndipo imachokera kunyumba. Kale mwana ankaopa tsiku limodzi pa teremu, lotsekera. Tsopano kope likubwera katatu pa sabata kuti kholo lisaine, ndipo pakhomo pamene malikisi otsika amalandiridwa ndi mkwapulo kapena kumanidwa nsima, mwanayo akhala mwamantha teremu yonse. Mwana wamantha amaphunzira msanga kung'amba tsamba, kusintha 3 kukhala 8, kusainitsa kwa mnzake, kapena kuonera. Zikatero malikisi asiya kunena zoona, ndipo cholinga chonse chawonongeka.

Makolo tidziwe kuti kamayeso ka mafunso 10 ndi muyeso wosalimba. Funso limodzi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a malikisi onse. Mwana akatsika kuchoka pa 7 kufika pa 6, mwina sanaone bwino nambala pabolodi chifukwa anakhala kumbuyo, mwina anabwera ndi njala, mwina choko chinali chosaoneka pa bolodi lonyowa. Palibe nkhani pamenepo. Nkhani imayamba tikaona malikisi atatu otsatizana: 7, 5, 3 ndi mzere wotsika umene ukufuna kuti kholo lipite kusukulu, pamene 3, 4, 6 ndi mzere wokwera woyenera kuuyamikira ngakhale 6 si wamkulu. Mwana amene akulephera maphunziro onse olembedwa pabolodi koma amayankha bwino pakamwa, muyeseni maso, kapena pemphani kuti akhale kutsogolo. Ndipo popeza m'makalasi apamwamba Sayansi, Ulimi ndi Sosho zimafunsidwa m'Chingerezi, mwana akagwa pa zonsezi pamodzi ndi Chingerezi chomwe koma Masamu ndi Chichewa akukhoza, kawirikawiri vuto lake ndi kuwerenga Chingerezi, osati maphunziro atatuwo.

Agogo amene akulera zidzukulu koma sukulu sanapite nayo patali asadzione ngati alibe mbali. Kuwerenga zochonga ndi mitanda sikufuna Chingerezi. Angathe kuloza pamene pali mtanda n'kunena kuti, "Iwe, tandiuza, apa aphunzitsi anati yankho lake ndi chiyani?" Mwana amene wamva adzafotokoza, amene sanamve adzakakamira, ndipo agogo adziwa kuti mawa ayenera kukafunsanso. Kufotokozera munthu wina ndi njira yabwino yokhazikitsira phunziro m'mutu, choncho funso la agogo lija ndi thandizo lenileni. N'chifukwa chakenso kalata iyenera kulembedwa m'chilankhulo cha m'deralo, ndi kuloleza kudinda chala. Ahedi ena sadalira pepala lokha, limene limanyowa m'jumbo ya mwana kapena kusochera panjira. Amapempha amfumu, a komiti ya sukulu ndi amayi a gulu loona za ana kuti uthengawo unenedwenso pamisonkhano, kutchalitchi ndi kumzikiti.

Mafunso awiri amene makolo amafunsa kawirikawiri ali ndi mayankho afupi. Za ndalama: timayeso tolembedwa pabolodi sitifuna kusindikiza, ndiye mwana akabwera n'kunena kuti akufuna ndalama ya kamayeso pamene kalata inati n'taulere, kafunseni kusukulu musanapereke. Za Sitandade 8: malikisi a timayeso ta pasukulu ndi a lipoti la pasukulu pomwepo, ndipo mayeso a boma amene amakonzedwa ndi bungwe la Maneb ku Zomba amachongedwa paokha. Phindu la timayeso kwa mwana wa Sitandade 6 kapena 7 n'lakuti mabowo atsekedwe asanafike kumeneko.

Msonkhano wa sabata ya 7 unaikidwa pamenepo dala. Pofika tsikulo phunziro lililonse likhala litalembedwa katatu, ndiye mzere uja wayamba kuoneka, ndipo kwatsala timayeso tiwiri ndi masabata asanu ophunzira oti zinthu zikonzedwe mayeso otsekera asanafike. Pitani ndi kope la timayeso m'manja, ndipo yerekezani malikisi a m'kopemo ndi a m'buku la aphunzitsi, chifukwa polowetsa manambala mazanamazana munthu angathe kulumpha mzere n'kupatsa mwana malikisi a mnzake. Cholakwa chotere n'chosavuta kuchikonza mu Febuluwale kusiyana ndi tsiku lotsekera. Musafunse kuti mwana ali pa nambala chiyani m'kalasi, popeza yankho lake silikuuzani chochita. Funsani kuti, "Aphunzitsi, mwanayu akulakwa chiyani kwenikweni, ndipo kunyumba tizimuthandiza pati?" Mphunzitsi amene wakhala akuchonga ndi kapepala kaja pambali adzatsegula kope n'kukulozerani funso lake, ndipo mugwirizane tsiku limene mudzabwerenso kudzaona malikisi a kamayeso kachinayi.